Chomwe chimakugwirani pa kanema mpaka sekondi yomaliza

Munthu akamaonera makanema aafupi pa TikTok, pa Facebook kapena pa YouTube, chala chake sichikhala patali ndi galasi la foni. Chimangodikira kachifukwa kakang'ono: moni wautali, mawu osamveka bwino, nkhope yongoti njo osachita kanthu. Basi chakankha kanemayo m'mwamba, kwabwera wina. Kuno kwathu chalacho chimachita kufulumira kwambiri, poti sekondi iliyonse ikudya bandulo yogula ndi ndalama. Komabe aliyense anakumanapo ndi kanema amene anamuonera mpaka kumapeto, atatha n'kudzifunsa kuti, kodi ndimadikira chiyani pamenepa?

Kawirikawiri zimenezi sizichitika mwangozi. Opanga makanema odziwa ntchito yawo ali ndi njira ziwiri zomwe amazidalira. Yoyamba ndi kusiya funso m'malere, kuti woonera asafune kuchoka asanamve yankho. Yachiwiri ndi kudzidzimutsa diso kapena khutu pamene layamba kuzolowera, kuti maganizo asathawire kwina. Ambiri amene angoyamba kumene amazisakaniza njira ziwirizi ngati n'zofanana, ndipo amathamangira yachiwiriyo chifukwa ndiyo yosavuta kutengera. Ine ndikuona kuti yoyamba ndiyo mwini ntchito, yachiwiriyo ndi yongothandizira.

Chifukwa chimene opanga makanema amavutikira chonchi n'chodziwika. M'chaka cha 2012, YouTube inalengeza kuti posankha makanema oti iziwaonetsa kwa anthu iziyang'ana kwambiri nthawi imene anthu akhala akuonera, osati chiwerengero chokha cha amene anatsegula. Mu Juni 2020, TikTok inafotokoza momwe imasankhira makanema a patsamba la For You, ndipo inanena kuti munthu akaonera kanema wotalikirapo kuyambira poyamba mpaka pomaliza, chimenecho imachitenga ngati umboni wamphamvu wakuti wamukonda. Choncho kwa mayi wogulitsa mazira kapena telala amene amaitanira malonda pafoni, masekondi omalizira a kanema ali ndi gawo pa kuchuluka kwa anthu amene aone kanemayo mawa.

Funso lomwe silikugonetsa

Nkhani ya funso losiyidwa m'malere imakonda kuyambira ku Berlin, m'dziko la Jeremani. Akuti mphunzitsi wa za maganizo a anthu, Kurt Lewin, anaona kuti woperekera zakudya m'lesitilanti ankakumbukira bwinobwino zimene tebulo lililonse laitanitsa malinga ngati anthuwo sanalipire, koma akangolipira, zonse zinkamuchoka m'mutu. Wophunzira wake, Bluma Zeigarnik, anaiyesa nkhaniyi mwadongosolo n'kusindikiza zotsatira zake mu 1927. Ankapatsa anthu tintchito ting'onoting'ono tambiri, monga kuumba ndi dongo ndi kuwerengera masamu. Tina ankawalola kumaliza, tina ankawadula pakati. Pambuyo pake akawafunsa kuti atchule zomwe anachita, tintchito todulidwa tija ankatikumbukira pafupifupi kawiri kuposa tomalizidwa.

Alangizi a makanema amalitchula dzina la Zeigarnik ngati kuti nkhani yathera pomwepo, koma ofufuza ena amene anabwereza ntchito yake sanapeze zofanana nthawi zonse. Zomwe zaima bwino ndi za mnzake wa m'gulu lomwelo, Maria Ovsiankina, zomwe zinatuluka mu 1928: munthu ukamudula pakati pa ntchito, amafuna kuibwerera kuti aimalize, ngakhale popanda womuuza. Kwa wopanga makanema zimenezi ndizo zofunika, chifukwa iye sakufuna kuti mukumbukire, akufuna kuti musachoke.

Amene anatipatsa mfundo yogwirika kwambiri ndi George Loewenstein wa ku yunivesite ya Carnegie Mellon ku Amereka. Mu 1994 iye analemba kuti chidwi chimabadwa munthu akazindikira mpata pakati pa zomwe akudziwa ndi zomwe akufuna kudziwa. Chachikulu m'mfundo yakeyo n'chakuti mpatawo uyenera kukhala woonekera. Chinthu chimene sukuchidziwa ngakhale pang'ono sichikuvutitsa. Chimene chimakusowetsa mtendere ndi chimene ukuchidziwa mbali yaikulu, kwangotsala kachidutswa kamodzi. Tonsefe tinaziona izi pa masewero a zilape madzulo. Wina akati "Chilape!" ena n'kuyankha "Nachize!", funso limene limatsatira limakhala ndi malire ake, yankho limakhala ngati lili pamilomo, ndipo palibe mwana amene amapita kukagona asanalimve.

N'chifukwa chake mawu otchuka aja akuti "onerani mpaka kumapeto, mudabwa" ndi ofooka. Sakuuza woonera chimene akusowa. Si funso, ndi pempho chabe, ndipo anthu analimva kambirimbiri moti masiku ano ena akangoliona amakankha kanemayo dala.

Mazira atatu m'madzi

Tiyeni titenge chitsanzo chimodzi n'kuchiyenda pang'onopang'ono. Tiyerekeze kuti mayi wina woweta nkhuku za mazira akufuna kupanga kanema wa masekondi 40 woonetsa momwe munthu angadziwire dzira lokhalitsa asanaliswe. Nzeru yake ndi yakale ndipo ndi yoona. Chigoba cha dzira chili ndi timabowo tosaoneka ndi maso. Masiku akamapita, chinyezi chimatulukira m'timabowomo, mpweya n'kumalowa, ndipo kathumba ka mpweya kamene kamakhala kumbali yaikulu ya dzira kamanka kakula. Dzira latsopano ukaliika m'madzi limamira n'kugona chammbali. Lokhalitsako limamira koma limaima, mbali yaikulu ili m'mwamba. Lakalekale limayandama.

Ulendo woyamba mayiyu ajambula monga ambiri amachitira. Ayamba ndi ulemu wonse: "Moni nonse abale ndi alongo, ndabweranso ine mayi wanu, lero ndati ndikugawireniko nzeru ina yake." Pamenepo masekondi asanu ndi atatu apita, mazira sanaoneke. Kenako anena kuti, "Dzira lokhalitsa limayandama m'madzi," ndiyeno n'kuyamba kuonetsa. Taonani chimene chachitika. Pa sekondi ya 12 yankho laperekedwa lonse. Masekondi 28 otsalawo ndi ongotsimikizira zomwe woonera wamva kale, ndipo iye alibenso chodikira.

Moni ndi chikhalidwe chathu, sindikutsutsa. Koma woonera pa TikTok si mlendo amene wakhala pamphasa pakhomo panu. Ambiri mwa iwo sakukudziwani, ndipo sanakufuneni, makina ndiwo akubweretsani pamaso pawo. Ulemu umene akuyembekezera ndi wakuti musawatayitse bandulo.

Tsopano tikonzenso kanema yemweyo, ndi mazira omwewo, ndi foni yomweyo. Sekondi yoyamba, kamera ili pafupi ndi dzanja lomwe lanyamula mazira atatu, lililonse lalembedwa nambala ndi cholembera: 1, 2, 3. Mawu oyamba ndi akuti, "Limodzi mwa mazira atatuwa ndi lakalekale. Ndilipeza osaswa." Mawu omwewo alembedwenso pakanemapo, chifukwa wina akuonera ali m'minibasi atatsitsa voliyumu. M'masekondi atatu woonera wadziwa zinthu zitatu: nkhani ndi ya chiyani, chikusowa n'chiyani, ndipo yankho silili patali popeza mazirawo ndi atatu okha. Manambala aja ali ndi ntchito yawo. Amamulola munthu kusankha mumtima kuti "ndi lachiwirilo", ndipo amene wasankha amafuna kuona ngati walondola.

Kuyambira sekondi yachitatu mpaka ya 10, dzira loyamba lilowa m'jagi yoonekera mkati, kapena m'botolo lapulasitiki lodula kukamwa. Lamira, lagona. "Latsopano ili." Kafunso kamodzi kayankhidwa, ndipo izi n'zofunika: woonera walandirako kanthu msanga, waona kuti mayiyu sakumuzungulitsa. Dzira lachiwiri lilowa, lamira koma laima chilili. Apa pabadwa kafunso kena komwe sikanalonjezedwe poyamba: laima bwanji?

Pano pali msampha umene ambiri sauona mpaka ataika kanema. Mazira awiri akamira, woonera aliyense wadziwa kale kuti lachitatu ndilo liyandame. Funso lija ladziyankha lokha pa sekondi ya 18, mayi asanalikhudze n'komwe dzira lomalizalo. Funso silitsekedwa pamene wopanga kanema wanena yankho, limatsekedwa pamene woonera walidziwa yankholo, ndipo nthawi zambiri iye amakhala patsogolo. Mankhwala ake ndi kutsegula funso lachiwiri loyambalo lisanafe. Dzira lachiwiri likangoima, mayi anene kuti, "Lomwe liyandame ndiliswa pompano. Mukuganiza kuti lasukusa?" Tsopano ngakhale woonera akudziwa kuti ndi nambala 3, sakudziwa chimene chili mkati mwake. Ndipo funso limeneli ndi lenileni, chifukwa kuyandama kumangosonyeza kuti dzira lakhalitsa, sikutsimikiza kuti lawonongeka. Chimene chimatsimikiza ndi kuliswera m'kambale kapadera n'kuona maonekedwe ake ndi kumva fungo.

Pa sekondi ya 28 dzira lachitatu lilowa m'madzi, layandama. Pa ya 33 mayi alitenga, kamera iyandikira kambale. Pa ya 36 aliswa, anunkhiza, anena chimene wapeza, kaya "lasukusa, tayani" kaya "silinasukuse, langokhalitsa". Kanema athere pomwepo. Chilichonse mwa ziwirizi chimukhutiritsa woonera malinga chikhale choona, ndipo chachiwiricho chimachita kukoma kwambiri chifukwa ambiri sakuchiyembekezera.

Kuthera pomwepo ndiko kumawavuta anthu. Mtima umafuna kuwonjezera kuti, "Ndiye abale mwaona nokha, musaiwale kundilondola, kugawira anzanu, tionana sabata yamawa." Masekondi asanu ndi limodzi amenewo palibe amene amawaonera, ndipo amachititsa kuti munthu amene anaona nkhani yonse asawerengedwe m'gulu la omaliza kanema. Ngati mayiyu akufuna kuti anthu adziwe komwe amagulitsira, alembe pakona pa kanema pamene dzira loyamba likumira, kapena m'mawu a pansi pa kanemayo.

Kudzutsa diso lomwe layamba kuodzera

M'kanema wa mazira uja muli malo amodzi oopsa omwe ndawadumpha dala: pakati pa sekondi ya 18 ndi ya 28, pamene mayi akufotokoza za kathumba ka mpweya. Kufotokozako n'kofunika, ndiko phunziro lenileni, koma kwa masekondi khumi palibe chikuyenda. Apa ndi pamene njira yachiwiri ija imalowera.

Wasayansi wa ku Rasha, Ivan Pavlov, anaona kuti agalu ake ankasiya chilichonse n'kutembenukira kumene kwamveka kaphokoso kachilendo kapena kumene kuwala kwasintha. Mnzake wa m'dziko lomwelo wa m'zaka za pambuyo pake, Evgeny Sokolov, anasonyeza mbali ina ya nkhaniyi: chinthu chikabwerezedwa osasintha, thupi limasiya kuchilabadira, koma chikangosintha pang'ono, ngakhale kuchepa mphamvu kapena kusowa kumene, chidwi chimadzukanso. Amene anagonapo pafupi ndi chigayo akudziwa kuti phokoso lake limafika poiwalika, ndipo magetsi akazima chimene chimakudzidzimutsa ndi bata. Ofufuza za wailesi yakanema, makamaka Annie Lang wa ku Amereka, anayeza kugunda kwa mtima kwa anthu oonera n'kupeza kuti chithunzi chikasintha mwadzidzidzi, mtima umachedwerako pang'ono kwa kanthawi, chizindikiro chakuti munthu watcheranso maso.

Ndiye m'malo ouma aja mayi achite chiyani? Akangoyamba kunena za mpweya, chithunzi chichoke pankhope yake chipite pafupi kwambiri ndi dzira lowiritsa losenda, pomwe pakuoneka kadzenje kumbali yaikulu, chala chikuloza pomwepo. Diso ladzuka chifukwa chithunzi chasintha, koma chimene laona ndi umboni wa zomwe khutu likumva. Kusintha kwachiwiri kukhale kwa mawu: ngati pansi pali kanyimbo, kaleke zii sekondi imodzi dzira lachitatu lisanaswedwe. Bata limenelo limauza woonera kuti chimene amadikira chafika. Zonsezi sizifuna zida zodula. Mu pulogalamu monga CapCut, batani la Split limadula kanema pamalo pomwe mwasankha, ndipo kachidutswa ka dzira lowiritsa mungakajambule padera n'kukalowetsa pamenepo.

Pali lamulo lomwe limayenda pakamwa pa alangizi lakuti chithunzi chizisintha masekondi awiri kapena atatu aliwonse. Musalitenge ngati lamulo la chilengedwe. Zomwe Sokolov anapeza zimalitsutsa: ngati kamera ikuyandikira masekondi atatu aliwonse, ndi kaphokoso komweko, pofika kachinayi kuyandikirako kwasanduka chizolowezi, ndipo diso lagonanso. Ntchito ya Lang inasonyezanso malire ena. Chithunzi chikasinthira ku chinthu chosagwirizana ndi nkhani, anthu sakumbukira bwino zomwe zanenedwa pambuyo pa kusinthako, ndipo kusintha kukachulukitsa pa nkhani yomwe ndi yotentha kale, mutu umalephera kusunga zonse. Mayi uja ataika kachithunzi koseketsa ka nyani pakati pa kufotokoza za mpweya, anthu akhoza kukhalabe, koma adzachoka akukumbukira nyani, za mazira ataiwala.

Ndimaona makanema ambiri a achinyamata athu odzaza ndi zilembo zodumphadumpha, phokoso la belu ndi nkhope zoyandikira mwadzidzidzi, koma ukafunsa kuti funso la kanemayu ndi lotani, palibe. Kudzidzimutsa kumagula sekondi imodzi kapena ziwiri basi. Woonera akatembenuka n'kupeza kuti palibe chimene akudikira, amapitabe.

Mzere umene umanena zoona

Ubwino wa ntchito imeneyi ndi wakuti sufunika kulosera. Pa YouTube Studio, mukatsegula Analytics ya kanema wanu, mupeza gawo lotchedwa Audience retention. Ndi mzere woyambira kumanzere, pamene kanema akuyamba, kupita kumanja pamene akuthera, ndipo kutalika kwake pamalo alionse kukusonyeza anthu angati mwa 100 alionse anali akuonerabe pa sekondi imeneyo. Pa TikTok mupeza Average watch time, yomwe ndi nthawi imene munthu mmodzi amakhala pa kanemayo mukaphatikiza onse n'kugawa, ndi Watched full video, gawo la anthu amene anafika kumapeto.

Tiyerekeze manambala a kanema woyamba wa mayi uja, wa moni wautali. Ngati Average watch time ikuonetsa masekondi 14 pa kanema wa masekondi 40, ndiye kuti munthu wamba waona magawo 35 pa 100. Nambala imeneyo payokha ikungoti zinthu sizili bwino, siikunena chifukwa. Chifukwa chili m'maonekedwe a mzere. Mzere ukagwa chiphompho m'masekondi awiri kapena atatu oyamba, vuto lili pa chiyambi: funso silinamveke, kapena lachedwa. Kuwonjezera zodzidzimutsa pakati sikungathandize, chifukwa anthuwo sakufikako. Mzere ukayenda bwino kenako n'kugwa mwadzidzidzi pamalo amodzi, bwererani pa sekondi imeneyo mumvetsere. Kawirikawiri mupeza kuti ndi pomwe yankho linatuluka, monga pa sekondi ya 12 paja, kapena pomwe woonera analidziwa yekha, monga pa ya 18. Apo mankhwala ndi kusuntha yankho kapena kutsegula funso lina. Koma mzere ukamangotsetsereka pang'onopang'ono pa gawo lina lalitali, popanda pogwera penipeni, ndiye kuti anthu akutopa mmodzimmodzi, ndipo apo ndi pomwe kusintha chithunzi kapena kudula mawu osafunika kungagwire ntchito.

Nthawi zina mzere umakwera pakati, n'kupanga kachulu. Zikutanthauza kuti anthu abwereza malo amenewo kapena adumphira pomwepo. Musafulumire kusangalala. Mwina akondwa nawo, komanso mwina sanamve zomwe munanena chifukwa munathamanga kapena galimoto inadutsa. YouTube yeniyeniyo imachenjeza za matanthauzo awiriwa. Ndipo ngati kachuluko kali kumapeto kwenikweni pamene pakati pali chigwa, anthu akukoka kanema kuti akangoona yankho: funso lanu ndi labwino, koma njira yopitira kumeneko yatalika.

Zinthu ziwiri zoti musamale powerenga mzerewu. Kanema amene waonedwa ndi anthu 40, theka lawo abale anu, sangakuuzeni zambiri, dikirani achuluke. Ndipo pokonza kanema wotsatira sinthani chinthu chimodzi chokha. Mukasintha chiyambi, nyimbo ndi kutalika nthawi imodzi, zinthu zikayenda bwino simudziwa chimene chathandiza.

Pamene lonjezo lasanduka bodza

Funso losiyidwa m'malere ndi lonjezo, ndipo njira yachidule yowonongera dzina lako ndi kulonjeza chimene ulibe. Tonse tikuwadziwa makanema amene amakukoka kwa mphindi yathunthu, pamapeto n'kukuuza kuti yankho lili m'gawo lachiwiri, gawo lachiwirilo osalipeza n'komwe. Pa kanema mmodzi ameneyo manambala amaoneka okongola, anthu afikadi kumapeto. Mtengo wake umalipiridwa pa makanema otsatira, pamene anthu omwewo angoona nkhope yako n'kukankha. Kugawa nkhani m'zigawo si kulakwa, masewero a pawailesi akhala akuchita zimenezi kuyambira kale. Koma chigawo chabwino chimayankha funso lomwe chinayamba nalo, kenako n'kutsegula lina la mawa.

Eni mabwalo a makanemawa nawonso akuliona vutoli. YouTube siyang'ana nthawi yoonera yokha, imafunsanso oonera ena kuti anene ngati kanema anawakhutiritsa. Mu Disembala 2024 inalengeza kuti iyamba kuchotsa makanema amene mutu wake kapena chithunzi chake chapachikuto chikulonjeza zinthu zomwe mulibe m'kanemamo, makamaka pa nkhani zongochitika kumene, ndipo inayambira ku India.

Kulakwa kwina n'kwa anthu a mtima wabwino: kutsegula mafunso ambiri. Wina akamva kuti funso limagwira anthu, amaika anayi m'masekondi khumi oyamba. Woonera sangasunge onsewo, ndipo akasokonezeka amachoka. M'kanema wosapitirira mphindi imodzi, funso limodzi lalikulu ndi lina lolowa m'malo mwake likamafooka n'zokwanira, monga tinaonera pa mazira. Kanema wa mphindi khumi amatha kunyamula ambiri, koma ngakhale pamenepo woonera amafunika kulandira yankho laling'ono pafupipafupi, apo ayi amayamba kukayika ngati lalikululo lidzabwere.

Palinso kaluso kena kolumikiza mawu omaliza ndi oyamba, kuti kanema akayambiranso yekha woonera asazindikire kuti watha. N'chifukwa chake pa makanema aafupi nambala ya gawo loonedwa imatha kupitirira 100 pa 100. Pa kanema wa nthabwala kapena wa gule zimakoma. Pa kanema wophunzitsa ine sindikukondwa nako, chifukwa munthu amene wabwera kudzaphunzira za mazira ayenera kudziwa kuti phunziro latha, apite akayese.

Ndipo si nkhani iliyonse yoyenera kubisa yankho. Uthenga wa maliro, chenjezo la madzi osefukira, tsiku lomaliza lolembetsa mayeso: izi zimanenedwa mu sekondi yoyamba, amene akufuna kuchoka achoke atamva. Wobisa uthenga wotere pofuna kuti manambala akwere walephera ntchito, ngakhale mzere wake utakhala wowongoka.

Kwa inu amene mumangoonera, kudziwa izi kukupulumutsirani bandulo. Kanema akakugwirani, dzifunseni kuti funso lake ndi lotani. Ngati simungathe kulinena m'mawu anuanu, palibe chimene mukudikira, pitirirani. Kwa inu amene mumajambula, tsegulani kanema wanu womaliza madzulo ano, mupeze sekondi imene mlendo angadziwire yankho, muwerenge masekondi otsala kuchokera pamenepo. Akapitirira atatu, kanema wotsatira muwadule kapena musunthire yankholo kumapeto.